Msonkhano wa Anchito: Luso la Mlumikizi

M'matauni mwathu monga Chipata, Katete kapena Petauke, namwino amadziwana ndi anamwino anzace, mphunzitsi ndi aphunzitsi anzace, kalipentala ndi akalipentala anzace. Tsono pakagwa bvuto losowa luso lina, munthu amazunzika yekha, cikhalireco wodziwa yankho ali tsidya lina la mseu. Mwezi uno tikambe za kamsonkhano ka pamwezi kokumanitsa anthu a nchito zosiyanasiyana, makamaka za udindo wa iye amene akuyambitsa.

Yambani ndi anthu asanu ndi atatu, ndipo asapitirire 12. Cifukwa cace n'cakuti aliyense ayenera kulankhula, ndipo anthu 12 olankhula mphindi zitatu aliyense atha kale mphindi 36. Akacuruka, ena adzangomvetsera, kenaka adzaleka kubwera. Musaitane oposa awiri a nchito imodzi, cifukwa aphunzitsi asanu pamodzi adzasandutsa msonkhano kukhala bwalo la madandaulo a malipiro. Tsiku likhale lokhazikika, monga Ciweru coyamba ca mwezi, pa malo opanda phokoso ndi mowa: kalasi kapena holo ya parishi. Ola limodzi ndi theka n'lokwana.

Pa mphindi zace zitatu, aliyense ayankhe mafunso awiri: kodi mwezi uno ndikusowa ciani, nanga ndingathandize ndi ciani? Yankho likhale lolunjika. Wonena kuti "ndifuna malonda apite patsogolo" sanathandize aliyense kumuthandiza. Mlumikizi alembe zonse m'kabuku, zosowa tsamba lina, zopereka tsamba lina. Nchito yace yeniyeni imayamba anthu atabalalika, pamene afananiza masamba awiriwo.

Tiyerekeze motere. Kalipentala wanena kuti amapanga madesiki abwino, koma sadziwa mmene angapikisanire nchito za CDF, thumba la citukuko limene m'caka ca 2022 linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse. Pa tsamba lina, mai wowerengera ndalama analembetsa kuti amadziwa za mapepala a bizinesi. Mlumikizi asafulumire kupereka nambala ya foni. Ayambe wapita kwa maiwo nati: "Amai, pali bambo wina wosowa uphungu wa theka la ola pa za kulembetsa bizinesi. Kodi mungalole?" Akabvomera, awakumanitse, natchula cimene wina akusowa ndi cimene winayo adziwa, kenaka iye apatuke. Maiwo adzafotokoza kuti dzina la bizinesi limalembetsedwa ku PACRA, kuti nambala ya msonkho yochedwa TPIN ndi kalata yoonetsa kuti za msonkho zili bwino zimacokera ku ZRA, ndi kuti pafunika akaunti ya ku banki ya bizinesiyo. Pakapita milungu iwiri, mlumikizi afunse onse awiri ngati anaonana. Ambiri amaiwala kufunsaku, ndipo ulusi umadukira pamenepo.

Kupempha cilolezo kumateteza anthu aluso. Namwino kapena loya amene nambala yace yamwazidwa adzabvutitsidwa usiku ndi usana ndi ofuna thandizo laulere, ndipo mwezi wotsatira mpando wace udzakhala wopanda munthu. Cinanso, uphungu woyamba ungakhale waulere, koma ngati kalipentala afuna kuti maiwo azimsungira mabuku, alipire monga wina aliyense.

Pali malire amene tiyenera kuwachula poyera. Ngati pakati panu pali wa ku khonsolo kapena mphunzitsi wamkulu wokhudzidwa ndi kugula madesikiwo, angafotokoze njira imene lamulo linaika, koma asalonjeze nchito, ndipo asaulule mitengo ya opikisana nao. Kutero ndi katangale, ngakhale kucitike pakati pa abwenzi. Ndalama nazonso zisalowe: sonkhani za tiyi yekha. Msonkhano ukasanduka cilimba kapena malo okongozana, wangongole amayamba kubisala, ndipo wokongoza amabwera kudzalonjerera. Ndale za zipani zitsale pakhomo.

Kodi tingadziwe bwanji kuti zinthu zikuyenda? Tisawerenge mitu yokha. Poyamba pa msonkhano uliwonse funsani kuti ndani anaonana ndi mnzace cicokere mwezi watha. Miyezi iwiri ikadutsa popanda woimika dzanja, ndiye kuti mwatsala ndi maceza cabe, kapena zosowa zanu zonse zadziwika kale. Mankhwala ace ndi nkhope zatsopano, pakuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mwezi uliwonse mmodzi abweretse mlendo wa nchito imene mulibe.

Potsiriza, mlumikizi asaumirire kabuku kaja. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi akapereke kwa wina, kuti tsiku limene iye adzasamutsidwa pa nchito, msonkhano usasamuke naye.