Voisi yotayikira ingachenjeze anthu a ku Makhanga kuposa gule wa pa TikTok

Mnzanga wina amadzipereka ku kabungwe kena ku Nsanje. Atauzidwa kuti akonze uthenga wochenjeza za madzi osefukira, anatenga nyimbo yomwe inali m'fasho pa TikTok, anavina, nalemba mawu a chenjezo pamwamba pa vidiyo. Tinamuyamikira ndife a ku Zomba ndi ku Blantyre. Sindikhulupirira kuti mayi wa ku Makhanga anaiona.

Vuto si bandulo yokha. Vidiyo yotere ikafika pa kafoni ka mabatani imatha kutsala nyimbo basi, chenjezo lonse n'kutayika. Komanso nyimboyo ili ndi mwini wake, ndipo lamulo la zaumwini wa zaluso la 2016 silinena kuti ntchito yachifundo ingotenga mwaulere.

Ine ndimati tibwereke chigoba, osati mawu a eni. Chigoba chomwe Amalawi sitichidutsa ndi voisi yotayikira ya pa WhatsApp: anthu awiri akukangana, ife tikumvetsera zomwe sizikutikhudza. Chimatikoka ndi chidwi chofuna kudziwa wolakwa.

Ndiye lembani mkangano wosaposa mphindi imodzi. Bambo ali ku ganyu ya nzimbe ku Nchalo, wamva kuti mkazi wake sanagone pakhomo.

"Amake Tadala, mwagona kuti? Kumeneko mvula sinagwe, musandinamize!"

"Mvula yagwa ku Mulanje, bambo. Ruo safunsa ngati kuno kwagwa. Akomiti atangoliza wezulo ndatenga ana, mbuzi ndi mabuku a kusikelo, tili kumtunda kusukulu."

Womvera amayembekezera chibwenzi, koma akupeza mfundo imodzi yomwe imapha anthu m'chigwachi: madzi amabwera kuchokera kumapiri ngakhale kumwamba kuli mbee. Amene anaona madzi a mu Januwale 2015 kapena namondwe Freddy mu Malichi 2023 sangatsutse. Mfundo ikhale imodzi yomweyo. Mukathiramo kolera ndi maukwati a ana, mkangano umasanduka msonkhano.

Pali choopsa chomwe sindingachibise. Voisi yotayikira imakoma chifukwa imamveka ngati yeniyeni, ndipo chenjezo lomveka lenileni lingathawitse mudzi usiku popanda chifukwa. Anthu akathawa pachabe kamodzi, wezulo wotsatira adzaunyozera. Choncho musatchule tsiku kapena mudzi weniweni m'sewerolo, ndipo dzina la bungwe limveke koyambirira ndi kumapeto kuti ili ndi sewero. Inde, zimachepetsako kukoma.

Za chilankhulo: lembani, koma osewera a komweko alitembenuze m'Chisena kapena m'Chimang'anja momwe iwo amakanganirana. Kenako liyeseni pa anthu asanu pamsika wa Bangula, muwafunse chomwe amake Tadala anachokera pakhomo. Akayankha kuti anali ndi chibwenzi, bwererani mukalembenso.