Amalume akwanitsa 50: sekani mawondo, musaseke manda

Lacisanu lapitali ndinali m'basi ya Chelstone, nditapanikizika pakati pa mayi wa thumba la kapenta ndi mnyamata wa sipika, foni ili m'manja. Ndinali kulemba uthenga wa kwa amalume anga a ku Rufunsa, amene Loweruka lino akwanitsa zaka 50. Ine amene ndimadya za kulemba, kucokera pa Kulima Tower mpaka pa Manda Hill ndinali nditalemba mizere iwiri cabe, ndipo yonse inali yolakwika.

Mzere woyamba ndi uja timatumizirana tonse: tsiku labwino lobadwa, Mulungu akuonjezereni zaka. Palibe coipa, koma uthenga umenewo mungautumize kwa mwana wa zaka 5, kwa abwana a kunchito, ngakhale kwa alandilodi. Mzere waciwiri ndinaika nthabwala ya m'tauni: "Manje mwafika pa fifite, yambani kufunsa mtengo wa puloti ku Leopards Hill." Ndinaseka ndekha, mpaka kondakita anandiyang'ana ngati ndifuna kuthawa osalipira.

Madzulo ndinawerengera amai, amene ndi mlongo wao wamkulu wa amalumewo. Sanaseke. Anapitiriza kusadzula ndiwo, kenaka anati: "Tinabadwa seveni. Tatsala anayi. Atatu aja anawanyamula ndani kupita nao kumudzi? Si yemweyo ufuna kumugulira manda?"

Ndinafufuta mzerewo. Ndipo lero ndikuti kwa inu amene muli ndi munthu wofika pa 50: nthabwala ikhalepo, cifukwa uthenga wopanda kuseka umamveka ngati mbiri yowerenga pamaliro. Koma sekani zimene zaka zacita pathupi lake. Zimene zaka zinamulanda, musaziseke.

Tiwerengeko pang'ono. Munthu wa zaka 50 lero anabadwa ca m'ma 1975, nthawi ya a Kaunda ndi cipani cimodzi. Mu 1989, ali ndi zaka 14, ndiye anali kutumidwa pamzere wa makuponi a unga. Mu 1992 anadya nsima ya cimanga cayelo ca cilala cija. Ndipo zaka zake za unyamata, kuyambira 20 mpaka 30, zinagwera ndendende pa nthawi imene Edzi inali kusesa m'makomboni, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulele m'zipatala za boma ca m'ma 2005. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mwana wobadwa m'Zambia sanali kuyembekezeka kufika ngakhale pa 50. Ndiye cifukwa cake anthu a msinkhu umenewu akaona cithunzi ca kusukulu amayamba kuloza ndi cala: uyu kulibe, uyu kulibe, uyu ali ku Kitwe. Kwa ife a zaka za m'ma 20, manda ndi nthabwala cifukwa ali kutali. Kwa iwo ndi maina a anthu.

Amalume anga anabwera ku Lusaka mu 1995, caka cimene kampani ya mabasi ya UBZ inatsekedwa ndipo maminibasi anadzaza m'misewu. Anayamba monga ngwang'wazi, kukuwa maina a makomboni mpaka mau kutha. Anakwera kukhala kondakita, kenaka dalaivala. Abale ao atatu anamwalira motsatizana m'zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ulendo uliwonse ndi iwo anapempha galimoto ndi kugwira siteringi pa Great East Road, kudutsa Chongwe ndi Chinyunyu, bokosi lili kumbuyo. Ana anayi amene anatsala amasiye analowa m'nyumba yao ya zipinda ziwiri. Fizi yanga ya ku koleji ya utolankhani, mbali ina inacokera m'thumba lomwelo. Msana utayamba kukana, anabwerera kumudzi, makilomita pafupifupi 150 kucoka m'tauni, m'boma la Rufunsa limene kale linali mbali ya Chongwe. Kumeneko alima cimanga ndi nshawa, ndi kuweta mbuzi.

Nanga munthu wotere tingamuseke ciani? Zambiri. Amalume amatambasula dzanja mpaka kumapeto kuti awerenge meseji, koma amakana magalasi, ati vuto ndi foni. Akamadzuka pa mpando mawondo amalira ngati citseko ca basi yakale. Mpaka lero amawerenga ndalama m'mamiliyoni, ngati kuti maziro atatu aja sanacotsedwe pa kwaca mu 2013, moti mbuzi ya K800 kwa iwo ndi "eiti handiredi sauzande". Ndipo sanaiwale tsiku limene kondakita wina, mwana wa dzulo, anawauza kuti: "Ba mudala, nkalani kusogolo, kumbuyo muzavutika poseluka." Munthu amene anaphunzitsa makondakita osawerengeka kulendewera pakhomo, lero apatsidwa mpando wa nkhalamba! Nkhani imeneyo amaikamba okha, akuseka.

Pamenepo ndi pamene pali muyeso. Ngati mwini wake anaisekapo kale nthabwalayo pamaso panu, ndi yanu, itengeni. Ngati simunamumvepo akuikamba, isiyeni. Imvi, dazi, mimba, kugona nkhani za pa TV zisanathe, zonsezi n'zololedwa. Koma nyumba imene sanamange, banja limene linatha, ana amene sanabereke, matenda amene amamwera mankhwala, zimenezo si nthabwala. Pa 50 munthu amakhala atadziwerengera kale usiku zimene sanakwanitse. Safuna kuti mphwake amukumbutse pa gulu.

Cina n'cakuti si aliyense ali ndi cilolezo cofanana. Ife a kum'mawa tidziwa kuti mdzukulu angaseke agogo ake mmene afunira, ndipo asuweni amatukwanizana popanda mlandu. Amalume ali ndi mnzao Mubemba amene anali kugwira naye nchito pa siteshoni. Ameneyo Loweruka angaimirire n'kunena kuti zaka 50 zonsezo zapita m'kukumba mbewa, amalume n'kumubwezera za anyani, anthu n'kugwa nako kuseka. Ndi cimbuya, ndipo cili ndi malamulo ake. Koma ine ndine mphwao. Kwathu malume ndi mwini mbumba, ndiye adzakhale kutsogolo tsiku la cikwati canga. Nthabwala yanga iyenera kulowa itagwada. Musanalembe, dzifunseni kuti ndinu ndani kwa munthuyo, ndipo kumbukirani kuti kumudzi uthenga suwerengedwa m'cipinda. Mwana amauwerenga mokweza pansi pa mtengo, apongozi ndi akulu a mpingo ali pomwepo.

Mnzanga wa kunyuzipepala anandiuza kuti ndikulemetsa nkhani yopepuka. Ati tsiku lobadwa ndi keke ndi nyimbo, ndipo anthu a kumudzi sasamala n'komwe za masiku amenewa. Mbali ina akunena zoona. Agogo sanalembe tsiku limene amalume anabadwa. Ankangoti ndi nthawi yokolola, ndipo deti ili pa NRC inacita kusankhidwa pa tebulo la kalaliki. Mwambo wa keke tabwera nao ndife a m'tauni. Koma ndiye cifukwa cake tiyenera kuugwiritsa nchito bwino. Ife mwa cizolowezi timadikira munthu agone m'bokosi kuti tiwerenge mbiri yake. Pamenepo timachula zonse, ana amene analera, sukulu zimene analipirira, mwini wake osamva. Tsiku la 50 litipatsa mpata wonena zomwezo makutu ake akali kumva.

Ulemu weniweni mu uthenga uli m'kuchula cinthu cimodzi ceniceni. Mau monga "ndinu mzati wa banja" ndi ndalama yakale, yosagula kanthu. Nenani caka, nenani malo, nenani zimene munthuyo anacita ndi zimene zinaturukamo. Kwa ine ndi tsiku lija ndinabwezedwa ku koleji cifukwa ca fizi, amalume n'kugulitsa mbuzi zitatu kwa ogula a pamseu, pa mtengo umene iwo eni anadziwa kuti ndi wakuba. Ndi cilala ca 2024, pamene munda wao wonse unapsa koma anakana kuti ana a sukulu abwere kudzathandiza kuotcha makala, ati mabuku coyamba.

Kayalidwe kake n'kosavuta. Yambani ndi nthabwala kuti munthu amasuke, ikani cinthu ceniceni cija pakati, ndipo tsirizani ndi za kutsogolo, cifukwa wa zaka 50 sanamalize ulendo. Ngakhale lamulo la penshoni limuuza kuti adikire 55 kuti apume msanga, kapena 60. Uthenga umene ndatumiza ndi uwu:

"Amalume, akuti mwakwanitsa 50, ngakhale agogo ndi NRC sanagwirizanepo za tsiku. Ndauza mwana amene akuwerengereni uthengawu kuti akweze mau, popeza foni yanu ija ikali ndi vuto la tumalemba tung'onotung'ono. Mawondo alire mmene afunira, anagwira nchito: anaima pakhomo la basi, anaponda kilachi zaka zambiri, anagwada m'munda. Ine sindinaiwale mbuzi zitatu zija. Dzina langa likaturuka m'nyuzipepala, mudziwe kuti ndi mbuzi zanu zikulira. Ana anayi amene munatenga, lero onse adya zao. Mpando wa kutsogolo umene makondakita akupatsani musaukane, munaulipira kale. Tikufunani pa cikwati canga, ndipo tikufunani pa 70, mukali kukana magalasi. Ndine mphwanu wa ku Lusaka."

Amai atamva anaseka pa za magalasi, anakhala cete pa za mbuzi, kenaka anati: "Iyo tumiza. Koma Loweruka upite wekha, meseji siidya nsima."

Ndiye mawa m'mawa ndikwera ya kum'mawa, shuga ndi saladi zili m'cola, pamodzi ndi magalasi owerengera amene ndagula m'tauni. Ndidziwa kuti adzati maso ao ali bwino. Ndidzangowasiya pa windo, pafupi ndi pamene amachajira foni. Inu amene mukuwerenga muli m'basi, onani munthu wa imvi amene kondakita wamuika kutsogolo. Mwina nayenso ali ndi mphwake amene akali kufufuta mizere. Musendereko, akhale bwino.