Musafunse mtengo wa foni wokha, funsaninso za batire

Abale athu a pamsewu, amalonda ndi madalaivala nonse, tikamagula foni ku Joni, ku Kariakoo kapena ku Limbe timafunsa za kamera, za kukula kwa sikirini ndi za mtengo. Za batire timangomva wogulitsa akuti "imasunga moto masiku awiri", ife n'kutulutsa ndalama. Maganizo athu ndi akuti apa ndi pamene timaluza. Foni ya munthu wa pamsewu nthawi zambiri siifa chifukwa cha kamera. Imayamba kufa ku batire, ndipo tsiku loti iyambe kuvuta tikhoza kuliwerengera tisanalipire.

Kwa ife nkhaniyi si ya chitukuko cha mafoni ayi. Mu foni ndi momwe muli nambala ya ejenti wa pa boda, zithunzi za mapepala a katundu, ndalama zathu, ndi makasitomala amene akudikira kumva kuti tafika pati. Ikazima tili pa mzere ku Beitbridge kapena ku Mwanza, bizinesi yaima.

Batire ya foni ili ngati tayala: imatha ndi mtunda, osati ndi zaka zokha. Mtunda wake amauwerenga ndi maulendo. Ulendo umodzi ndi pamene mwagwiritsa ntchito moto wokwana 100 peresenti, kaya ndi tsiku limodzi kaya masiku angapo. Mukagwiritsa ntchito theka lero, n'kutchaja, mawa theka linanso, umenewo ndi ulendo umodzi, osati awiri. Kampani ya Apple imanena kuti batire ya iPhone 14 ndi zina zam'mbuyo inapangidwa kuti ikayenda maulendo 500 izisungabe 80 peresenti ya moto umene inkasunga ili yatsopano. Pa iPhone 15 anakweza kufika maulendo 1,000. Mafoni ambiri otsika mtengo salemba nambala imeneyi pa bokosi, choncho ife timawawerengera pa 500 kuti tisadzinamize.

Tsono 80 peresenti ikutanthauza chiyani? Batire yolembedwa 5000 mAh imakhala ikusunga ngati 4000. Foni siinafe, koma imene inkakufikitsani madzulo iyamba kupempha tchaja dzuwa likadalipo, ndipo kuchokera pamenepo ndi potsetsereka.

Tiyeni tiwerenge. Mayi amene amakhala pa shopu, foni n'kumadya 60 peresenti pa tsiku, maulendo 500 amutengera masiku opitirira 800, kutanthauza zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Koma dalaivala wa thiraki amayatsa mapu, amaimba pa WhatsApp, amagawira anzake intaneti, usiku amaonera mpira. Foni yake imatha yonse, n'kuitchaja, n'kudyanso theka lina tsiku lomwelo. Umenewo ndi ulendo umodzi ndi theka pa tsiku. Gawani 500 ndi 1.5, mupeza masiku 333, miyezi khumi ndi umodzi basi. Foni ndi yomweyo, mtengo ndi womwewo, koma wina imukhalira zaka ziwiri, wina chaka osakwana. N'chifukwa chake umboni wa mlamu wanu wa mu ofesi woti "yanga yatha zaka zitatu" sukukhudzani inu.

Palinso china chimene chimatidyera moto ife: netiweki yofooka. Foni ikakhala kutali ndi nsanja imakweza mphamvu kuti imveke, ndipo tikawoloka malire imakhalira kusakasaka netiweki yoti igwire. M'matchire a pakati pa Tete ndi Nyamapanda foni imatha moto ili m'thumba, musanaikhudze n'komwe.

Masamu amenewa ndi a batire yosamalidwa bwino. Mdani wamkulu ndi kutentha. Apple yomweyo imachenjeza kuti kutentha kopitirira madigiri 35 kukhoza kuononga batire mosabwereranso. Amene timadutsa ku Tete, ku Musina kapena ku Chirundu mu Okutobala tikudziwa kuti madigiri 35 ndi nkhani ya pamthunzi. Nanga foni imene yamatidwa pa galasi lakutsogolo, dzuwa likuiwomba, ili pa tchaja, mapu akuyenda? Ikutenthedwa katatu nthawi imodzi: ndi dzuwa, ndi tchaja, ndi ntchito. Choipa kwambiri n'chakuti batire yamtunduwu imakalamba msanga ikakhala yodzaza 100 peresenti kwinaku ikutentha, ndipo umo ndi momwe foni ya m'thiraki imakhalira tsiku lonse. Foni yotere sidikira maulendo 500.

Izi n'zokonzeka popanda ndalama. Ichotseni pa galasi, muiike pansi pomwe dzuwa silifika. Ngati foni yanu ili ndi poletsa kuti isamadzaze kwambiri, yatsani. Pa Samsung zambiri amalemba kuti Protect battery kapena Battery protection, ndipo imaima pa 80 kapena 85 peresenti. Pamene muli pa chiwongolero tchaja ili pompo, simukusowa 100 peresenti. Mudzaze mukatsala pang'ono kutsika pa boda. Muonenso kuti tchaja ya m'galimoto yalembedwa kuti imalandira 12 mpaka 24V, chifukwa mathiraki akuluakulu amayendera 24.

Tibwere ku mafoni a kaunjika, amene ambiri timagula komanso kuoda. Pa iPhone lowani mu Settings, kenako Battery, kenako Battery Health, muone nambala. Tiyerekeze yalemba 85 peresenti. Wogulitsa anena kuti ikadali bwino, ndipo kumva kwake ikumvekadi ngati nambala yabwino. Koma ngati batire imataya 20 peresenti pa maulendo 500, ndiye kuti peresenti imodzi imapita pa maulendo pafupifupi 25. Kuchoka pa 85 kufika pa 80 patsala maulendo 125. Kwa dalaivala uja ndi masiku 83, miyezi itatu yosakwana. Batire siitsika molingana ndendende chonchi, koma masamuwa akukwanira kukuuzani kuti foni imeneyo mukuigula pamodzi ndi ngongole ya batire yatsopano. Mtengo wa batireyo uchotsedwe pa mtengo wa foni musanagwirizane.

Nambala ya pa sikirini nayonso musaikhulupirire yokha, popeza alipo okonza ena amene amatha kuisintha kuti batire yotopa izioneka ngati yatsopano. Pa Samsung, pulogalamu ya Samsung Members imangokuuzani ngati batire ili bwino kapena yafooka, ndipo mafoni ena a Android sanena kalikonse. Ndiye yesani nokha pomwepo. Kwezani kuwala kwa sikirini, yatsani vidiyo kwa mphindi khumi ndi zisanu, muone mmene moto ukutsikira. Ukamatsika pang'onopang'ono, zili bwino. Ukamalumpha, mwachitsanzo kuchoka pa 60 kufika pa 48 mwakamodzi, kapena foni ikazima ikulemba 25, batire yatha. Kenako igonekeni pa tebulo. Ikamagwedera, kapena sikirini ikaoneka yatukuka m'mbali, batire yatupa. Imeneyo musagule ngakhale atsitse bwanji, ndipo ngati ndi yanu kale musaikanikize, musaiboole, musaisiye pa tchaja m'kabini momwe mukugona. Ikhoza kuyaka.

Funso lalikulu tsopano ndi ili: batire ikatha, ina ipezeka kuti? Kale tinkangotsegula kumbuyo ndi chikhadabo n'kuikamo ina. Timafoni ta mabatani tikadali choncho, ndipo batire ngati BL-5C ya Nokia mumaipeza pafupifupi pa msika uliwonse wa m'njira zathu. Mafoni a masiku ano ambiri ndi omata ndi guluu. Wokonza amayenera kutenthetsa chivundikiro, kuchitsegula mosamala, kumatula batire, n'kumatanso. Pamenepa mumalipira zitatu: batire, ntchito, ndi chiopsezo choti galasi lakumbuyo kapena sikirini isweka potsegula. Ena anena kuti kumata kuli ndi ubwino wake, kuti kumateteza ku madzi ndi fumbi, ndipo akunena zoona. Koma dziwani kuti foni ikatsegulidwa kamodzi chitetezo chimenecho sichibwerera mwakale pokhapokha wokonza aikemo chomatira chatsopano choyenera.

Ku Ulaya anaona vutoli. Kuyambira pa 20 Juni 2025, mafoni atsopano ogulitsidwa m'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya ayenera kukhala ndi batire yopirira maulendo osachepera 800 isanatsike pansi pa 80 peresenti, ndipo zipangizo zosinthira ziyenera kupezeka kwa zaka zisanu ndi ziwiri mtundu wa foniyo utasiya kugulitsidwa. Lamulo limenelo silifika pa misika imene ife timaodako. Kuno wotiteteza ndi funso lathu lomwe.

Tiyerekeze mafoni awiri, mitengoyi ndi yongopereka chitsanzo, inu muikemo ya kumene mukugula. Yoyamba ndi ya malandi 1,800, dzina lake losadziwika, batire yake palibe wokonza amene ali nayo. Dalaivala uja aikakamiza ndi pawa banki mpaka miyezi 15, kenako aitaya. Gawani 1,800 ndi 15: malandi 120 pa mwezi. Yachiwiri ndi ya malandi 2,400, mtundu wofala, kusintha batire pamodzi ndi ntchito ndi malandi 400. Akasintha kawiri imukhalira miyezi 33, ndipo zonse pamodzi ndi malandi 3,200. Pa mwezi ndi malandi 97. Yotchipa ija ndiye yadula, osawerengera tsiku limene inazima katundu ali pa sikelo.

Masamuwa ali ndi malire ake. Batire yosinthira ikakhala yabodza, miyezi khumi ndi umodzi ija imasanduka itatu. Muione isanalowe mu foni, nambala yake ifanane ndi ya yakale, ndipo wokonza akulembereni pa lisiti kuti ikavuta m'masiku angati mubweze. Batire yolonjeza moto wochuluka kuposa yoyambirira pa kukula komweko, ikayikireni. Komanso foni ili ndi imfa ina yosakhudza batire: mapulogalamu amaisiya. Mu Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa mafoni a Android yakale kuposa 5.0, ndipo mapulogalamu a mabanki nawonso amachita chimodzimodzi. Kuika batire yatsopano mu foni imene yatsala pang'ono kusiyidwa, kapena imene sikirini ndi polowetsa tchaja zatha kale, ndi kutaya ndalama. Ife timati kukonza konse kukafika theka la mtengo wa foni ina yofanana nayo, isiyeni.

Ndiye musanalipire, pitani kaye kwa wokonza mafoni wa kumene mumakhala kapena kumene mumagona kawirikawiri pa ulendo, mumuuze dzina ndi nambala ya foniyo, mumufunse ngati batire yake ali nayo ndi mtengo wake. Akayamba kukanda mutu, yankho mwalipeza. Ndipo inu amene mumaoda mafoni okagulitsa kumudzi, odaninso mabatire ake angapo, koma osachulutsa, chifukwa batire imakalamba ngakhale ili pa shelefu. Kasitomala amene foni yake yafa pa chaka chimodzi sadandaula za fakitale ya ku China. Amatchula dzina lanu.