Chilungulira cha usiku: yambani ndi nthawi yodyera, osati soda

Ku Lobi m'boma la Dedza, mwezi wa Juni ukafika dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo chisanu chimathamangitsira anthu kumphasa msanga. Munthu amene watandala kudimba la mbatatesi atangodya chimanga chokazinga amafika pakhomo njala itamupweteka. Amadya mitanda itatu ya nsima, nyemba zothira mafuta ndi tsabola, n'kugona ola lisanathe. Pakati pa usiku amadzidzimuka pachifuwa pakutentha, madzi owawasa atafika kukhosi. Chimenechi ndi chilungulira, ndipo maganizo athu ndi akuti ambiri amachilimbana nacho molakwika.

Pamene kummero pamalumikizana ndi chifu pali mnofu wozungulira umene umatseka ngati chingwe chomangira thumba. Chifu chikadzaza kwambiri mnofuwu umamasuka, ndipo mafuta, mowa ndi fodya zimaufooketsanso. Munthu akakhala tsonga, asidi wogaya chakudya amakhala pansi. Akagona chakudya chili chikhalire, asidiyo amabwerera kummero komwe kulibe chotetezera. Chakudya chochuluka chimatenga maola atatu kapena anayi kuti chichoke m'chifu.

Tiyerekeze bambo wodya 7 koloko n'kugona 8 koloko. Sitikumuuza kuti asiye nsima. Wagwira ntchito, ayenera kudya. Koma mtanda umodzi mwa itatu ija ausamutsire masana, apite nawo kudimba. Chamadzulo chiphikidwe kuti adye 6 koloko, agone 9 koloko. Ngati ali ndi bedi, aike njerwa kumiyendo ya kumutu kuti likwere masentimita 15 mpaka 20. Wogona pamphasa apinde matumba kapena mabulangete pansi pake, kuyambira m'chiuno kukwera mpaka kumutu. Kuunjika mapilo sikuthandiza, kumangopinda munthu pakati n'kufinya mimba. Agonere kumanzere, chifukwa akatero asidi amakhala m'munsi mwa khomo la kummero. Ayese zimenezi sabata ziwiri.

Nanga soda wophikira therere, amene ambiri amasungunula m'kapu usiku? Amaziziritsadi kwa kanthawi, sitikana. Koma amadzaza mpweya m'chifu, munthu n'kumageya, asidi n'kukweranso. Komanso muli mchere wambiri umene suyenera kwa odwala BP, a vuto la impso ndi amayi oyembekezera.

Mankhwala otafuna a maginiziyamu amathandiza chilungulira cha apo ndi apo. Koma apa pali msampha umene anthu ongodzipereka pa zaumoyo ayenera kuudziwa. Kuyambira 2019 ambiri amene ali pa ma ARV m'dziko muno amamwa TLD, ndipo maginiziyamu amagwira mankhwalawa m'mimba kuti asalowe bwino m'magazi. Womwa TLD atsogoze TLD, padutse maola awiri asanatafune enawo. Ngati watafuna kale, adikire maola 6. Omepurazo ndi wina: sazimitsa moto pompopompo, amachepetsa asidi amene chifu chimapanga, ndipo amamwedwa m'mawa, mphindi 30 munthu asanadye. Ameneyu akulembereni a chipatala. Tiwonjezere kuti bulufeni ndi asipirini, amene alimi amagula m'maokala msana ukawawa, amakanda chifu n'kukulitsa vutoli.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti chilungulira chimatha kubisa matenda aakulu. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo odwala ambiri amafika kuchipatala mochedwa, atayamba kulephera ngakhale phala. Choncho munthu akakudandaulirani za chilungulira, mufunseni funso limodzi: kodi nsima ikudutsa bwino? Ngati ikuima pachifuwa mpaka kuikankha ndi madzi, ngati wasiya nyama chifukwa chovuta kumeza, kapena akuwonda osadziwa chifukwa, musamupatse malangizo a njerwa. Apite kuchipatala cha Lobi sabata yomweyo, kuti ngati pakufunika amutumize kuchipatala chachikulu cha Dedza, ndipo mwina mpaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe komwe amaunika kummero ndi kachipangizo koonera m'kati.

Zina siziyembekeza kuti kuche. Kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena ululu wofinya pachifuwa wofika kumkono kapena kunsagwada, thukuta lili kamukamu, n'zofunika chipatala usiku womwewo. Mayi woyembekezera amamva chilungulira kawirikawiri pathupi pakakula, ndipo kudya pang'onopang'ono kangapo patsiku kumamuthandiza. Koma ululu wa pamwamba pa mimba ukabwera limodzi ndi mutu waukulu, kusaona bwino kapena kutupa nkhope, akayezedwe BP nthawi yomweyo.

Wina aliyense amene wasintha nthawi yodyera, wakweza pogona, koma chilungulira chikumudzutsabe kawiri kapena kuposa pa sabata, akaonane ndi a chipatala atatenga mankhwala onse amene amamwa, kuphatikizapo ogula kuokala.