Chimapendeketsa madzi m'thanki si kulemera kwake

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri pakati pa madalaivala a galimoto zonyamula mafuta ndi madzi, ndipo ena amawaphunzitsa kwa anyamata ongoyamba kumene ntchito ngati lamulo. Akuti petulo ndi dizilo, popeza n'zopepuka, zimapendekeka kwambiri m'thanki galimoto ikamanyamuka kapena ikamaima, koma madzi ndi olemera, amakhala phee, kotero wonyamula madzi asadandaule za mabuleki. Ndimawalemekeza anthu amenewa, amene amaudziwa msewu wa ku Beira ndi wa ku Dar es Salaam kuposa ambiri a ife. Koma pa mfundo iyi akulakwa, ndipo kulakwaku kumachititsa munthu wonyamula madzi kutayirira pamene amayenera kusamala.

Tiyambe ndi zomwe aliyense amaona. Galimoto ikaima pamalo athyathyathya, madzi a m'thanki amakhala mofanana mbali zonse. Ikamayenda pa liwiro losasintha, kaya makilomita 20 pa ola kaya 80, madzi amakhalabe mofanana. Amapendekeka pokhapokha liwiro likusintha: ponyamuka amakwera kumbuyo, pogwira mabuleki amakwera kutsogolo. Funso ndi lakuti amapendekeka mochuluka bwanji, ndipo chimalamula n'chiyani.

Ganizirani kamzere ka madzi kogona pansi pa thanki, kuchokera ku khoma lakumbuyo kufika ku lakutsogolo. Dalaivala akagwira mabuleki, kamzereka nako kayenera kuchepetsa liwiro limodzi ndi galimoto, ndipo lamulo loyamba la Isaac Newton, lomwe linasindikizidwa mu 1687, limati chinthu sichisintha liwiro popanda mphamvu yochikankha. Madzi alibe mabuleki awoawo. Chokhacho chingawabweze ndi kukanikiza kwa madzi anzawo, ndipo madzi amakanikiza kwambiri pamene ali akuya. Ndiye amaunjikana kutsogolo mpaka kuya kwa kumeneko kupose kwa kumbuyo pa mlingo wokwanira kubweza kamzere konse kaja.

Apa m'pamene mawu a anzathu aja amagwera. N'zoona kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, pamene ya dizilo ili pafupifupi magalamu 830 ndipo ya petulo imapepukirapo. Madzi amafunadi mphamvu yambiri kuti aime. Koma mulu umene waunjikana kutsogolo uja nawonso ndi wa madzi omwewo olemerawo, ndipo umakanikiza kwambiri pa mlingo womwewo. Petulo amafuna mphamvu yochepa, koma mulu wake umakanikizanso pang'ono. Kulemera kuli mbali zonse ziwiri za samuyi, kotero kumafafanizika, ndipo chotsala ndi ichi:

tan θ = a / g

Apa θ ndi ngodya ya kupendekeka, a ndi kuchuluka kwa liwiro lomwe galimoto ikuonjezera kapena kuchotsa pa sekondi iliyonse, ndipo g ndi chikoka cha dziko, chomwe chimaonjezera liwiro la chinthu chakugwa ndi mamita 9.81 pa sekondi, sekondi iliyonse. Mtundu wa zamadzimadzi mulibemo. Liwiro lenileni la galimoto mulibemonso.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Lole yanyamula thanki ya makona anayi yotsegula pamwamba, yotalika mamita 4, yokwera mita 1.5, ndipo madzi afika mita 1.2. Pamwamba patsala mpata wa masentimita 30. Dalaivala akuyenda pa makilomita 72 pa ola, kutanthauza mamita 20 pa sekondi, ndipo akugwira mabuleki mofanana mpaka kuima m'masekondi 8. Sekondi iliyonse akuchotsa mamita 2.5 pa sekondi pa liwiro lake. Gawani 2.5 ndi 9.81, mupeza 0.255. Pa kalikuleta, ngodya ya nambala imeneyi ndi madigiri 14 ndi pang'ono.

Madigiri 14 akumveka ochepa, koma tanthauzo lake n'lakuti pa mita iliyonse ya kutalika kwa thanki madzi amakwera masentimita 25 ndi theka. Popeza madzi sachuluka kapena kuchepa, pakati pa thanki amakhala pomwe anali, mbali ina n'kukwera, ina n'kutsika. Kuchokera pakati kufika ku khoma lakutsogolo ndi mamita awiri, choncho madzi akufuna kukwera masentimita 51, pamene mpata ndi masentimita 30 okha. Asefukira pa mutu wa lole. Mukathiramo dizilo mpaka mita 1.2 yomweyo, nayenso afuna masentimita 51 omwewo. Kuti madziwa asatayike, dalaivalayu ayenera kuchotsa mamita osaposa 1.47 pa sekondi, sekondi iliyonse, ndiye kuti kuima kumutengere masekondi pafupifupi 14, osati 8.

Nanga anzathuwa amaona chiyani kuti akhulupirire zimenezi? Sakunama, pali chimene amaona. Samu yathuyi ikunena za pamene mabuleki agwiridwa mofanana kwa kanthawi, zamadzimadzi n'kukhazikika. Koma buleki yadzidzidzi imadzutsa funde. Fundelo limapitirira mzere umene tawerengera uja, limamenya khoma, n'kubwerera, n'kupitanso. Zinthu zonanda monga molasesi kapena oilo wa injini zimayenda mochedwa, funde lake limafa msanga, ndipo buleki ikakhala yaifupi sizipeza n'komwe nthawi yofika pa ngodya yonse. Munthu amaona zimenezi n'kuganiza kuti chachititsa ndi kulemera, pamene chachititsa ndi kunanda. Ndipo madzi sali m'gulu la zonandazo. Amayenda momasuka pafupifupi ngati petulo, ndipo popeza ndi olemera, funde lawo limamenya khoma la thanki mwamphamvu kuposa la petulo wochuluka chimodzimodzi. Wonyamula madzi amene wauzidwa kuti asadandaule ndiye amene lole yake ikankhidwe kwambiri pamene akuyesa kuima.

Chimene chimathandizadi ndi kapangidwe ka thanki. Gawani thanki yathu ija m'zipinda zinayi zosalumikizana, chilichonse chotalika mita imodzi. Ngodya ikhalabe madigiri 14, chifukwa mabuleki sanasinthe, koma tsopano kuchokera pakati pa chipinda kufika ku khoma ndi theka la mita, ndipo madzi akwera masentimita 13 okha. Mpata wa masentimita 30 uja ukwanira. Malata obooka amene amaikidwa m'kati mwa mathanki ena amagwira ntchito yosiyana: amafooketsa funde, koma buleki ikatalika madzi amadutsa m'mabowo n'kufika pa kupendekeka kwa thanki yonse. Mwini galimoto ayenera kudziwa kuti m'thanki mwake muli ziti mwa ziwirizi.

Amene mukukayikabe, yesani nokha. Tengani mabotolo awiri ofanana oonekera m'kati, lina muthire madzi theka, lina mafuta ophikira theka, mutseke bwino, muwamangirire chogoneka moyang'ana kutsogolo pa mpando wa galimoto. Woyendetsa anyamuke mofanana kwa masekondi angapo pa msewu wathyathyathya, inu okwera muziyang'ana. Madzi ayamba agwedezeka, mafuta afika mwaulemu, koma zikakhazikika mizere iwiriyo ipendekeka mofanana. Akafika pa liwiro lokhazikika, yonse iwiri igonanso bwinobwino ngakhale galimoto ikuthamanga.