Chotsani mzere, bweretsani fisi

Pali chizolowezi chomwe chafala pa mabwalo a m'madera mwathu chimene ine sindigwirizana nacho. Mnyamata wamtima wabwino wasonkhanitsa ana a zaka 5 mpaka 7, wandandalika miyala isanu ndi umodzi, kenako wawaimika pamzere kuti mmodzimmodzi azizungulira miyalayo ndi mpira. Kuonera patali zimaoneka zadongosolo, ngati za timu yaikulu. Koma tiyeni tiwerengere limodzi.

Tinene kuti ana alipo 12, mpira ndi umodzi, ndipo mwana aliyense akutenga masekondi 15 kupita ndi kubwera. Ndiye kuti mzere wonse ukutha mphindi zitatu. Pa mphindi 15 mwana wapita kasanu kokha, kutanthauza kuti wakhala ndi mpira masekondi 75 basi. Nthawi yotsalayo wangoima, akukankhana ndi mnzake kapena kutola timiyala. Pomaliza timati anawa ndi osamva, chonsecho atopa ndi kudikira.

Vuto lina ndi loti mwala susuntha. Mwana wozungulira miyala amaweramitsa mutu n'kumayang'ana phazi lake, chifukwa palibe chomuopseza. Pomwe kuchenya ndi nkhani ya maso: uone komwe mdani akuchokera, uone pomwe pali mpata, usinthe njira pa nthawi yake. Zimenezi mwala sungaphunzitse.

Ine ndikapatsidwa ana oyamba kumene, ndimayamba ndi sewero lomwe timalitchula kuti fisi ndi mbuzi. Kwenikweni ndi chipako chomwe anachizolowera kale, tangowonjezerapo mpira. Ndimayeza malo a mapazi anga 20 m'litali ndi 15 m'lifupi, m'makona n'kuikamo masilipasi kapena mabotolo. Ana 10 ndi mbuzi, aliyense ndi mpira wake. Awiri ndi afisi, alibe mpira. Mbuzi ziziyendayenda ndi mpira m'kholamo, afisi azifuna kuukankhira kunja. Pakatha mphindi imodzi ndimaimitsa, n'kusankha afisi ena.

Mwina mukufunsa kuti mipira 10 muitenga kuti. Chikulunga, abale. Majumbo, nsanza ndi chingwe, anawo amatha kumanga okha. Ndipo kwa mwana wa zaka 6 chikulunga n'chabwino kuposa mpira wa akuluakulu wa saizi 5, womwe umalemera magalamu 410 mpaka 450 ndipo ukapopedwa kwambiri umangomuthawa pa nthaka youma. Chikulunga sichidumpha, chimakhala pafupi ndi phazi. Ngati ndalama ilipo, gulani saizi 3.

Lamulo limodzi ndimaligwiritsitsa: palibe wotuluka m'sewero. Mpira wako ukakankhidwira kunja, thamanga ukautenge, uuponde pamwamba mosinthanitsa mapazi kasanu, ubwerere m'khola. Ambiri amakonda kuti wogwidwa akhale pansi mpaka patsale katswiri mmodzi. Taganizani amene amayamba kugwidwa ndi ndani. Ndi mwana yemwe sanauzolowere mpira uja, yemweyo amene akufunika nthawi yochuluka kuposa anzake. Mukamukhazika pansi mwamubwezera pamzere paja.

Ntchito yanu yaikulu ili pa kuonerera, osati pa kulankhula. Mukaona kuti mbuzi zonse zatha m'masekondi 20, mipira ikungowombana n'kumatuluka yokha, khola lachepa: onjezerani mapazi asanu mbali iliyonse, kapena chotsani fisi mmodzi. Mukaona kuti afisi akuthamanga mpaka wefuwefu osagwira aliyense, mbuzi zikungoyenda mwaulesi, khola lakula, lichepetseni. Pomwe ndimafuna ine ndi poti mwana azilandidwa kamodzi kapena kawiri pa mphindi imodziyo. Azipulumuka kokwanira kuti asagwe ulesi, koma azimvanso kuti fisi ali pafupi.

Muwaona ana a mitundu iwiri. Woyamba amamenya mpira ndi nsonga ya chala n'kumauthamangira. Ameneyu musamukalipire. Fisi amulanda kangapo, ndipo pamenepo mpomwe mumamuyandikira n'kumunong'oneza kuti, "Fisi akayandikira, mpira ukhale ngati kamwana ka nkhuku pafupi ndi make. Akatalikira, ukankhe uthamange." Mawu ochepa choncho amakwana, chifukwa waona kale chomwe chikumudyetsa. Wachiwiri ndi wochenjeretsa: amakaima pakona, phazi pamwamba pa mpira, kudikira mphindi ithe. Ameneyu ndimamupatsa chifukwa choyendera. Ndimaika tizipata tinayi m'kholamo, miyala iwiriiwiri yotalikirana phazi limodzi lalikulu, n'kunena kuti aliyense aziwerenga zipata zomwe wadutsa ndi mpira, koma osadutsa chipata chimodzi kawiri motsatizana. Nthawi yomweyo mitu imadzuka, chifukwa ayenera kufunafuna chipata chopanda munthu kwinaku akuzemba fisi. Ziwerengero zawo musazikhulupirire kwambiri, wina akuuzani 40. Mungomufunsa ngati angapose pamenepo ulendo winawo.

Sindikunena kuti masewera amaphunzitsa zonse okha. Pali zinthu zomwe mwana sangazitulukire msanga, monga kuponda mpira ndi kunsi kwa phazi n'kuukokera kumbuyo potembenuka, kapena kuukankha ndi kunja kwa phazi. Zimenezi muyenera kuwaonetsa. Koma muwaonetse chinthu chimodzi, pa nthawi yopuma, kwa masekondi 30. Ayeseko onse nthawi imodzi popanda fisi, kenako fisi abwerere. Phazi lamanzere nalo, kapena lamanja kwa amanzere, silidzuka lokha, chifukwa mwana akapanikizika amathawira ku phazi lomwe amalidalira. Ndiye ulendo umodzi ndimalengeza kuti chipata chodutsa ndi phazi linalo n'cha mapointi awiri, ndipo afisi ulendo umenewo aziyenda, asathamange.

Chigawo chomaliza ndi mpira weniweni, koma wa awiriawiri kapena atatuatatu, wopanda goloboyi, mbali iliyonse tizigoli tiwiri. Izi si nzeru zanga. Mphunzitsi wa ku Germany, Horst Wein, ndiye adatchukitsa kaseweredwe ka atatuatatu pa zigoli zinayi kotchedwa Funino, ndipo kuyambira nyengo ya 2024/25 bungwe la mpira la dzikolo, DFB, lidakhazikitsa kuti ana aang'ono kwambiri azisewera motere m'malo mwa matimu akuluakulu. Ubwino wa zigoli ziwiri ndi woti mdani akatseka chimodzi, mwana amatembenukira ku chinacho. Njomba yake yoyamba imabadwira pamenepo, popanda womuuza. Ndi ana 12 mumapanga mabwalo awiri a atatuatatu, masewero a mphindi zinayi, n'kumasinthanitsa matimu.

Apa mpomwe achimwene, azakhali ndi amalume oima m'mbali amaononga zinthu. Mwana akangogwira mpira, kukuwa kwayamba: "Patsira! Menya kutsogolo!" Ine ndimawapempha mwaulemu kuti amusiye. Mwana wa zaka 6 wokakamira mpira si wodzikonda ayi, ndi msinkhu wake, ndipo kupatsirana adzakuphunzira bwino akadzasiya kuopa mpira uli kuphazi. Akayesa kuchenya n'kulandidwa, muombereni m'manja pa kuyesako.

Zonsezi zimakwana m'mphindi 40: zisanu aliyense akusewera ndi mpira wake momasuka, 15 za fisi ndi zipata, zotsalazo masewero a atatuatatu, ndi kumwa madzi pakatipakati. M'miyezi yotentha ngati Okutobala dikirani dzuwa lipendeke, ndipo musanayambe yendani pabwalopo mutole magalasi osweka ndi minga, popeza ambiri mwa anawa amasewera opanda nsapato.