Mau Awiri Osokoneza Makomiti

Aphunzitsi ndi akalaliki ambiri amene ali m'makomiti a mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama amakhumudwa pa mau awiri a m'lipoti la odita, ndiye woyesa mabuku a chuma. Pakuti kusukulu mphunzitsi wa kwalifayidi ndiye wokhoza, iwo amayesa kuti chigamulo cha kwalifayidi ndichonso chabwino. Komatu m'mabuku a chuma zili mosemphana.

Chigamulo cha ankwalifayidi ndicho choyera: odita wavomereza mabuku popanda kuchotsapo kanthu, kunena kuti akuonetsa chuma cha bungwe monga chiliri pa zinthu zonse zazikulu. Cha kwalifayidi ndi chivomerezo chokhala ndi "koma". Chizindikiro chake ndi liu lotanthauza "kupatula", ndipo ndime yotsatira imalongosola chifukwa chake. Zifukwa zimakhala ziwiri: kapena odita wapeza cholakwa chachikulu pa mbali imodzi ya mabuku, kapena wasowa umboni wokwanira pa mbaliyo.

Tiyeni tiyerekeze. Bungwe lakongoza mamembala K40,000,000, ndipo mabuku akuti phindu la chaka ndi K9,000,000. Odita apeza kuti ngongole za K6,000,000 zatha chaka osabwezedwa, eni ake anasiya ntchito ndipo chikole palibe, koma msungichuma sanapatule ndalama zophimbira chitayikocho. Komiti ikakana kukonza, odita adzalemba kuti mabuku ali bwino kupatula ngongolezo. Tanthauzo lake nlakuti phindu lenileni ndi K3,000,000 chabe. Msonkhano wapachaka ukagawa K9,000,000, ndiye kuti K6,000,000 zatapidwa m'chuma cha bungwe lomwelo: mamembala akudya mbeu namayesa zokolola.

Motero ife tikuti wapampando asalole kuti lipoti lotere lingowerengedwa ndi kuomberedwa m'manja. Afunse odita mafunso atatu: mwapatula chiyani, ndi ndalama zingati, ndipo tichitenji kuti "koma" ameneyu asabwerenso chaka chamawa? Mayankho alembedwe m'maminitsi, ndi dzina la wokonza ndi tsiku lomaliza. Chilema chomwecho chikaoneka zaka ziwiri zotsatana, mlandu suli wa msungichuma yekha, koma wa komiti yonse.

Tichenjezenso iwo amene alandira chigamulo choyera. Odita sayesa lisiti lililonse. Amatapako zina, monga mayi alawa ndiwo ndi chipande. Chigamulo choyera sichilumbira kuti palibe anaba, kapena kuti bungwe likupindula. Zofooka zing'onozing'ono, monga cheke chosainidwa ndi munthu mmodzi yekha, zimalembedwa m'kalata ina yopita kwa oyendetsa bungwe. Komiti iitanitse kalatayo ndi kuiwerenga pamodzi ndi lipoti, pakuti ndalama zimene ikusunga ndi zodulidwa ku malipiro a anzawo mwezi ndi mwezi.